Chakudya cha Mayi Woyembekezera: Chilichonse Chili ndi Nthawi Yake

Amayi ambiri akamapita kukayamba sikelo, chitenje chimakhala chitayamba kale kukana kumangika pamalo pake. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti m'Malawi muno mayi mmodzi yekha mwa anayi alionse ndiye anayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Zifukwa zake n'zosachita kufunsa. Mimba yanthete saulutsa, pali mantha a anthu oipa mtima, chipatala chili kutali, ndipo m'madera ena mtsikana wa mimba yoyamba amadikira kuti akuluakulu amulange kaye. Vuto ndi lakuti mwana m'mimbamo sadikira zonsezi. Zina mwa zimene amafuna kuchokera m'chakudya cha mayi ake amazifuna m'masabata oyambirira penipeni, ndipo nthawiyo ikadutsa palibe mankhwala angabwezere zinthu m'mbuyo.

Chitsanzo chachikulu ndi vitamini wotchedwa foleti, amene akakhala m'mapilitsi amatchedwa foliki asidi. Thupi limamufuna paliponse pamene maselo akugawikana msangamsanga. Patangotha masabata atatu mayi atatenga pakati, pamsana pa kamwanako pamapangika kachinthu kathyathyathya kamene kamapindika n'kukhala kapaipi, ndipo kapaipiko ndi kamene kadzasanduke ubongo ndi mtsempha waukulu wodutsa m'fupa la msana. Kamatsekeka monga mmene munthu amasokera thumba kuyambira pakati, kulowera kumtunda ndi kumunsi. Pofika tsiku la 28 kusokako kumakhala kutatha. Apa n'kuti mwana ali wotalika mamilimita 4 kapena 5 okha, ndipo mayi wangodumphitsa kusamba ndi masabata awiri, mwina akuganiza kuti mwezi wangochedwa chabe.

Kapaipiko kakalephera kutsekeka kumunsi, mwana amabadwa ndi chotupa kapena bala lotseguka pamsana. Ana otere nthawi zambiri miyendo yawo imakhala yofooka kapena yosagwira ntchito, amavutika kusunga mkodzo ndi chimbudzi, ndipo ambiri madzi amadzaza m'mutu mpaka mutuwo kukula. Kakalephera kutsekeka kumtunda, ubongo supangika bwino ndipo mwanayo sakhala ndi moyo. Mu 1991 kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi akatswiri a ku Mangalande anasonyeza kuti mwa amayi amene anaberekapo kale mwana wa vuto limeneli, kumwa foliki asidi kunachepetsa kubwereza kwake ndi magawo pafupifupi 7 mwa 10. Kuyambira pamenepo uphungu wa madokotala sunasinthe: mayi amene akufuna kutenga pakati azimwa mamaikulogalamu 400 a foliki asidi tsiku lililonse, kuyamba miyezi iwiri kapena itatu mimba isanakhale, n'kupitiriza mpaka masabata 12 atakwana.

Ndiye kuti nthawi yabwino yokambirana za foliki asidi ndi tsiku limene mayi wapita kukachotsetsa njira yolera kapena wasiya jakisoni, osati tsiku loyamba sikelo. Kunena zoona, ine ndimaona kuti uphungu umenewu unayenera kumaperekedwa kuchipinda cha kulera kuposa kwina kulikonse. Pilitsi limene amapereka ku sikelo, lija amati lowonjezera magazi, lili ndi foliki asidi wa mlingo womwewu pamodzi ndi ayironi, ndipo mayi wopanda pakati angathe kumwa popanda vuto.

Alipo amayi amene amafunika mlingo waukulu, mamiligalamu 5 patsiku: amene anaberekapo mwana wotseguka msana, odwala shuga, ndi amene amamwa mankhwala ena a khunyu. Awa akaonane ndi dokotala asanatenge pakati, ndipo wa khunyu asasiye yekha mankhwala ake. Mlingo waukuluwu si woti munthu azingodzigulira, makamaka kuno kwathu, chifukwa umafooketsa Fansida amene amayi amamwa ku sikelo kuyambira sabata la 13 podziteteza ku malungo. Mlingo wamba uja wa 400 sulimbana ndi Fansida.

Nanga chakudya? Foleti ali m'nyemba, khobwe, nandolo, mtedza, mapeyala ndi ndiwo zamasamba zobiriwira monga bonongwe, mpiru, khwanya ndi nkhwani. Kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi mamaikulogalamu oposa 200, pamene woyembekezera amafunika pafupifupi 600 patsiku. Koma foleti sapirira moto ndi madzi. Masamba ophikidwa mpaka kuda, kapena amene madzi ake atayidwa, angataye theka la foleti wawo kapena kuposa. Soda ndi chidulo zimafewetsa therere ndi nkhwani mwamsanga, inde, koma zimawononganso mavitamini ena pamodzi. Ufa wa m'mafakitale akuluakulu umathiridwa foliki asidi ndi ayironi, koma mabanja ambiri amadya ufa wa chimanga chawo chimene agayitsa kuchigayo, ndipo mmenemo mulibe chothiridwa chilichonse. N'chifukwa chake pilitsi silingalowedwe m'malo ndi mbale ya ndiwo, ngakhale mbaleyo ndi yofunika.

Magazi a anthu awiri

Ayironi nkhani yake ndi ina. Safuna liwiro la masabata oyamba koma khama la miyezi yambiri. Pa nthawi ya mimba magazi a mayi amachuluka ndi pafupifupi theka la amene anali nawo. Pa mimba yonse pamafunika ayironi wokwana pafupifupi mamiligalamu 1,000: ena 500 opangira magazi owonjezerawo, ena 300 opita kwa mwana ndi nsengwa, otsalawo ndi amene thupi limataya tsiku ndi tsiku. Mwana amadzisungira ayironi wake makamaka m'miyezi itatu yomaliza, ndipo nkhokwe imeneyi ndi imene imamuthandiza kwa miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi akabadwa, poti mkaka wa m'mawere uli ndi ayironi wochepa.

Chovuta n'chakuti matumbo satenga ayironi yense amene wadyedwa. Wa m'nyama ndi nsomba amalowa bwino. Wa m'nyemba ndi masamba amalowa pang'ono zedi, nthawi zina gawo limodzi lokha mwa 20, makamaka akadyedwa ndi nsima ya mgaiwa, chifukwa madeya ali ndi zinthu zimene zimamanga ayironi. Kapu ya nyemba ili ndi mamiligalamu pafupifupi 4, kotero olowa m'magazi sangafike ngakhale theka la miligalamu imodzi. Komatu kumapeto kwa mimba thupi limafuna kuti mamiligalamu 6 kapena kuposa alowe m'magazi tsiku lililonse. Matumbo a woyembekezera amayesetsa kukoka wambiri kuposa kale, komabe kusiyanaku n'kwakukulu. Pilitsi la ku sikelo lili ndi mamiligalamu 60, ndipo ngakhale gawo limodzi lokha mwa 10 litalowa, tsikulo lakwanira.

Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limati woyembekezera ali ndi magazi ochepa ngati himogulobini wake, kapena kuti mlingo wa magazi umene amalemba m'buku la kuchipatala, watsika kuchepera pa 11, kapena pa 10.5 m'miyezi itatu yapakati ya mimba, ndipo ukatsika kuchepera pa 7 ndiye kuti zafika poopsa. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anapeza kuti amayi oyembekezera 45 mwa 100 alionse m'dziko muno anali ndi magazi ochepa, komanso kuti mmodzi yekha mwa atatu ndiye anamwa mapilitsi a ayironi kwa masiku 90 kapena kuposerapo.

Tiyerekeze mayi wa zaka 24, mimba yachiwiri, mwana woyamba sanakwanitse zaka ziwiri. Wafika ku sikelo koyamba mimba ili ndi masabata 22, m'nyengo ya dzinja. Akuti akakwera kamtunda ndi ndowa pamutu mtima ukumagunda kwambiri, akadzuka msanga akumamva chizungulire. Namwino akamuyang'ana m'zikope ndi m'zikhatho akuona kuti n'zotuwa. Magazi akupezeka pa 9. Uku si kupewanso ayi, ndi kuchiza, ndipo mlingo wochizira ndi mamiligalamu 120 patsiku, kutanthauza mapilitsi awiri, mpaka magazi atabwerera pa 11. Namwino sangalekere pamenepo. Amuyeza malungo, chifukwa tizilombo ta malungo timaphwanya maselo a magazi ndipo timabisala mu nsengwa mayi osamva kutentha thupi. Amupatsa Fansida, neti, ndi pilitsi limodzi la njoka za m'mimba poti miyezi itatu yoyamba yadutsa. Njoka zina zimalowa kudzera kumapazi munthu akamayenda wopanda nsapato padothi lonyowa, n'kumayamwa magazi m'matumbo mwakachetechete.

Kunyumba, mayiyu akumwa pilitsi m'mawa m'mimba mulibe kanthu, kutsitsira ndi tiyi. Tsiku lachitatu nseru yamugwira, wadzimbidwa, ndipo chimbudzi chada bii. Mlamu wake akumuuza kuti mapilitsi amenewa amakulitsa mwana, adzavutika pochira. Kapepala ka mankhwala kakulowa pansi pa sutikesi. Apa ndi pamene amayi ambiri amagwera, ndipo palibe chimodzi mwa zinthuzi chimene chinayenera kumusiyitsa. Chimbudzi chakuda ndi ayironi amene sanalowe m'thupi, sichisonyeza matenda. Nseru imachepa pilitsi likamwedwa mutadya, makamaka madzulo pokagona, ndipo kwa ambiri imazilala pakatha sabata imodzi kapena awiri. Kudzimbidwa kumafuna madzi ambiri, zipatso ndi masamba. Za mwana wamkulu: ayironi amachepetsa ngozi yoti mwana abadwe wochepa kwambiri thupi, koma sanenepetsa mwana mpaka kukanika kubadwa. Chimene chimakulitsa mwana mopyola muyeso kawirikawiri ndi shuga wa pa mimba.

Tiyi uja ndiye analakwika kwambiri. Masamba a tiyi ali ndi zinthu zimene zimagwira ayironi m'matumbo kuti asalowe, ndipo kapu imodzi ya tiyi wakuda ingachepetse olowa ndi theka kapena kuposa. Khofi ndi mkaka nazonso zimatsekereza. Pilitsi limwedwe ndi madzi, ndipo tiyi atalikirane nalo ndi ola limodzi kapena awiri. Zimene zimathandiza ayironi kulowa ndi zipatso zowawasa: gwafa, malambe, masau, malalanje, mango, papaya, ngakhale mandimu ofinyira m'ndiwo. Nsomba kapena nyama pang'ono yodyera limodzi ndi nyemba imathandizanso kuti ayironi wa m'nyembamo alowe bwino. Koma zakumwa zofiira za m'mabotolo sizowonjezera magazi, ngakhale zifanane nawo mtundu, ndipo madzi a masamba a mapeyala owiritsa sangagwire ntchito ya pilitsi.

Mayi wathuyu akamwa bwino, pakatha mwezi magazi ayenera kukhala atakwera ndi 1 kapena kuposa, kufika pa 10 n'kupitirira. Ali ndi masabata 18 asanachire, nthawi yokwanira. Akanafika ndi masabata 36, mapilitsi sakanakhala ndi mpata woti amalize ntchito. Ngati mwezi watha koma mlingo sunasunthe, achipatala amafufuza: kodi akumwadi, kodi malungo abweranso, kodi akutaya magazi kwinakwake, kodi pali matenda ena, poti si kuchepa magazi konse kumene gwero lake ndi ayironi. Zonsezi cholinga chake ndi tsiku lochira. Mayi aliyense amataya magazi pobereka, ndipo mpaka theka la lita amati palibe chachilendo. Amene walowa m'chipinda chochirira ali pa 12 amapirira kutaya kumeneku, koma amene walowa ali pa 7 magazi omwewo angamufikitse pofuna kuthiridwa ena, ndipo si chipatala chilichonse chimene chimakhala nawo pafupi. Akachira apitirize kumwa kwa miyezi itatu kuti thupi libwezeretse zimene lataya. Ndipo mapilitsiwa asungidwe patali ndi ana, chifukwa kamwana kakameza ambiri poyesa maswiti kangathe kufa.

Pali chizindikiro china chimene timachiseka m'malo mochimvetsa, ndicho kulakalaka dothi. Amayi amatokosa chulu, ena khoma la nyumba, ena amagula dothi lowotcha pamsika, ndipo anthu amangoti ndi mmene mimba imachitira. Kawirikawiri chilakolako chimenechi chimayenda ndi kuchepa kwa ayironi, ndipo kwa ambiri chimazilala magazi akakwera. Dothilo silichiza. Limamanga ayironi wa m'chakudya, limadzimbitsa, ndipo lingabwere ndi mazira a njoka za m'mimba. Mayi amene wayamba kudya dothi auze namwino poyera kuti amuyeze magazi.

Mafupa a mwana ndi kuthamanga kwa magazi

Mwana wobadwa masiku atakwana amakhala ndi kashiamu pafupifupi magalamu 30 m'mafupa ake, ndipo magawo 8 mwa 10 a kashiamuyu amalowa m'miyezi itatu yomaliza. Thupi la mayi limakonzekera mwa kukoka kashiamu wochuluka kawiri kuchokera m'chakudya, ndipo akaperewera limabwereka m'mafupa ake. Woyembekezera amafunika mamiligalamu pafupifupi 1,000 patsiku. Kapu ya mkaka kapena chambiko ili ndi pafupifupi 300. Nsima ya chimanga ilibe kashiamu woti n'kuwerengera, kotero banja limene mkaka limauona mwa apo ndi apo limadalira ndiwo basi.

Mwayi wathu uli m'tinsomba ting'onoting'ono. Usipa, matemba, bonya ndi kapenta zimadyedwa ndi minga yomwe, ndipo kashiamu ali m'mingamo ndi m'mitu. Amene amadula mitu ya usipa asanaphike amataya gawo labwino. Ngati kuwawa kwake kukuvuta, tinsombato tingakazingidwe, kusinjidwa, n'kumathira supuni imodzi kapena awiri m'ndiwo zamasamba kapena m'phala. Mawere nawo ali ndi kashiamu wochuluka kwambiri kuposa chimanga, choncho phala la mawere losakaniza ndi nsinjiro ndi chakudya cham'mawa chabwino kuposa tiyi ndi mandasi. Chitowe, soya, chigwada chophikidwa bwino, mpiru ndi masamba a chammwamba zimawonjezerapo.

Koma chifukwa chachikulu chimene madokotala amalimbikira za kashiamu si mafupa. Ndi matenda a kuthamanga kwa magazi kwa pa mimba, amene amayamba masabata 20 akadutsa. Mlingo wa kuthamanga kwa magazi umafika pa 140 ndi 90 kapena kuposa, impso zimayamba kutaya zomanga thupi mu mkodzo, ndipo zikakula mayi amakomoka n'kumaphupha. Kumene anthu amadya kashiamu wochepa, kumwa mapilitsi ake kumachepetsa ngozi ya matendawa. Bungwe la umoyo lija linalangiza mamiligalamu 1,500 mpaka 2,000 patsiku, ogawa katatu. Mapilitsi atatu akuluakulu tsiku lililonse ndi odula komanso otopetsa, ndipo mayiko ambiri osauka analephera kuwapereka kwa aliyense. Mu 2024 kafukufuku amene anachitika ku Tanzania ndi ku India anasonyeza kuti pilitsi limodzi la mamiligalamu 500 limateteza ku matendawa mosasiyana kwenikweni ndi atatu aja. Si zipatala zonse zimene zimapereka kashiamu ku sikelo, kotero mayi wa mimba yoyamba, wa mapasa, kapena amene anadwalapo matendawa pa mimba ina, afunse.

Amene wapatsidwa asamwe kashiamu nthawi imodzi ndi ayironi, chifukwa zimalimbirana njira yolowera. Njira yosavuta ndi kumwa kashiamu pa chakudya cham'mawa kapena chamasana, ayironi usiku. Amayi amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo adziwenso kuti ayironi ndi kashiamu zingamange mankhwala amene ambiri akumwa masiku ano ngati zamwedwa pamodzi m'mimba mulibe chakudya. Zikamwedwa ndi chakudya vutoli limachepa, apo ayi zitalikirane monga mmene achipatala angalangizire. Ndipo kashiamu amangochepetsa ngozi, sathetseratu. Mutu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kapena kupweteka pansi pa nthiti kudzanja lamanja, zonsezi n'zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira deti ya sikelo.

Za kuchuluka kwa chakudya palibe zambiri zonena. M'miyezi itatu yoyamba thupi silifuna chowonjezera kwenikweni, ndipo mayi amene akusanza angodya pang'onopang'ono pafupipafupi zimene zikukhazikika. Kuyambira mwezi wachinayi kachakudya kamodzi kapadera patsiku n'kokwanira, monga phala la nsinjiro ndi nthochi, kapena mbatata ndi dzira. Mayi amene anali ndi thupi labwinobwino amayembekezeka kuwonjezera makilogalamu 11 mpaka 16 pa mimba yonse. Mchere ukhale uja wa ayodini, popeza ubongo wa mwana umadalira ayodini, ndipo usungidwe m'chotengera chovundikira, kutali ndi moto.

Zosiya, zochepetsa, ndi zoletsedwa pachabe

Mowa ndi wosiyiratu. Umadutsa mu nsengwa n'kufika kwa mwana, amene chiwindi chake sichinakhwime koti n'kuuchotsa, ndipo ungawononge ubongo wake kwa moyo wonse. Palibe mlingo umene unapezeka kuti ndi wosavulaza, kaya ndi kachasu, masese, wa m'botolo kapena vinyo. Thobwa lotsekemera lilibe vuto, koma likagona masiku angapo n'kuyamba kululuza lasanduka mowa.

Tiyi ndi khofi n'zochepetsa chabe. Kafini wambiri amagwirizana ndi kupita padera komanso ana obadwa ochepa thupi. Bungwe la umoyo limati amene amapitirira mamiligalamu 300 patsiku achepetse, pamene ku Mangalande malire amawaika pa 200. Kapu ya tiyi ili ndi 50 mpaka 75, ya khofi pafupifupi 100. Makapu awiri a tiyi patsiku, omwedwa kutali ndi nthawi ya pilitsi, sangavute. Zakumwa zam'zitini zimene amati zopatsa mphamvu ndi bwino kungozisiya.

Kenako pali tizilombo. Chitetezo cha thupi chimasintha pa mimba, ndipo matenda amene kwa munthu wina angakhale kutsegula m'mimba kwa tsiku limodzi, kwa woyembekezera angaphe mwana. Anzathu okhala ku Joni amakumbukira za 2017 ndi 2018, pamene matenda a lisiteriya ochokera m'poloni anagwira anthu oposa 1,000 n'kupha oposa 200, ambiri mwa iwo makanda ongobadwa kumene. Kachilombo kameneka kamaswana ngakhale m'firiji. Poloni, masoseji ndi nyama zina zozizira zitenthetsedwe mpaka kutuluka nthunzi. Mkaka wongokama uwiritsidwe, ndipo chambiko chikhale chochokera ku mkaka wowiritsa kapena wa kufakitale. Kanyenya wa pachiwaya apse mpaka mkati, osatsala kufiira, ndipo zotsala dzulo zitenthetsedwe mokwanira, osangozifunditsa. Mtedza ndi chimanga zachuku, zija zowawa kapena zosintha mtundu, zisankhidwe n'kutayidwa musanasinje, chifukwa poizoni wa chuku saphedwa ndi moto. Kumene amadya kondowole, chinangwa chowawa chivikidwe masiku okwanira, osachita chidule chifukwa cha njala. Nsomba zathu za m'nyanja ya Malawi zidyedwe momasuka. Zimene amachenjeza chifukwa cha mekyule ndi zikuluzikulu za m'nyanja yamchere monga shaki, ndipo izi zikukhudza amene ali kugombe la Mozambiki kapena kunja.

Chiwindi ndi chovuta kuchiweruza. Chili ndi ayironi ndi foleti wambiri, komanso chili ndi vitamini A wochuluka kwambiri, ndipo vitamini ameneyu akapyola muyeso m'miyezi itatu yoyamba angalemaze mwana. Magalamu 100 a chiwindi cha ng'ombe amapitirira malire a tsiku limodzi amene anaikidwa kwa woyembekezera. Ku Mangalande, kumene anthu sasowa vitaminiyu, amangoletseratu. Kwa mayi wakumudzi amene nyama amaiona patalipatali, kachidutswa kakang'ono kamodzi pa sabata kapena awiri miyezi itatu ikadutsa si koopsa, ndipo kangamuthandize. Chimene sichiyenera ndi kudya mbale ya chiwindi tsiku ndi tsiku pofuna kuwonjezera magazi, kapena kumwa kapisozi wa vitamini A uja amapatsa ana. Vitamini A wa m'maungu, mango, karoti ndi mbatata yofiira mkati alibe ngozi imeneyi, chifukwa thupi limangosandutsa amene likufuna.

Chodabwitsa n'chakuti zimene miyambo imaletsa nthawi zambiri si zimenezi. M'madera ambiri woyembekezera amauzidwa kuti asadye mazira, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Tsitsi la khanda siligwirizana ndi dzira m'njira iliyonse. Dzira lophika mpaka kulimba ndi chimodzi mwa zakudya zomanga thupi zotsika mtengo zimene mayi angapeze pakhomo pake pomwe, ndipo kumumana n'kumulanda pa nthawi imene akulifuna kwambiri. Apongozi ndi agogo ndi amene amasunga malamulowa, ndipo amatero pofuna kuteteza mdzukulu, kotero zimathandiza kuti tsiku lina apite nawo ku sikelo akamve okha kwa azamba m'malo moti mpongozi azikangana nawo kunyumba.

Pamene dzira likuletsedwa, mankhwala azitsamba ofulumizitsa kuchira monga mwanamphepo amaperekedwa ndi manja awiri, nthawi zina kulowa nawo mobisa m'phala kapena m'botolo la thobwa mpaka kuchiyembekezo. Azamba amawadziwa bwino chifukwa cha zimene amachita. Chiberekero chimakoka mwamphamvu, mosalekeza, khomo lisanatseguke. Mwana amalandira mpweya pa kampata kapakati pa kukoka kumodzi ndi kunzake, ndipo mpatawo ukasowa amabanika. Chiberekero chingang'ambike, makamaka kwa mayi amene anachitidwapo opaleshoni kapena wabereka kambiri. Mphamvu ya zitsambazi palibe amene amaiyeza, muzu wa lero sufanana ndi wa mawa. Mayi amene wamwa kale asabise akafika kuchipatala. Anene chimene wamwa, kuchuluka kwake ndi nthawi yake, kuti mzamba azimvetsera mtima wa mwana pafupipafupi ndiponso asamuwonjezere mankhwala ena okoketsa chiberekero pamwamba pa amene ali kale m'thupi.